Kusikweya mpata pa washa: cholakwika chomwe chadya mamakisi teremu ino

Ndangomaliza kuchonga mapepala a kalikulasi a chaka choyamba ndipo mutu ukundiwawa, osati chifukwa choti ana sadziwa intigireshoni ayi, imeneyo akuitha bwinobwino. Vuto ndi limodzi lomweli, pepala ili lomwelo, pepala linalo lomwelo, mpaka ndinayamba kuganiza kuti mwina anakopelana koma ayi, ndi chizolowezi chabe chomwe anachitenga pa eriya nkubwera nacho ku voliyumu osachivula pakhomo.

Funso linali losavuta. Mzere y = x ndi khevu y = x², zimakumana pa x = 0 ndi x = 1, pakati pakepo pamatsala kamalo kooneka ngati tsamba la nsungwi. Gawo loyamba pezani eriya ya katsambako. Apa aliyense anakhoza, wapamwamba kuchotsa wapansi, ∫(x − x²) dx kuyambira 0 mpaka 1, yankho 1/2 − 1/3 = 1/6. Zabwino. Gawo lachiwiri zungulitsani katsambako pa akisisi ya x mupeze voliyumu ya chinthu chomwe chatulukacho. Apa ndi pomwe zinaduka mutu, anthu anangotenga x − x² yomwe ija, kuikulunga m'mabulaketi, kuisikweya, kuika π kutsogolo basi:

π∫(x − x²)² dx = π/30

Ndipo samu yake anaiyendetsa mwaukhondo, 1/3 − 1/2 + 1/5, palibe pomwe anaphonya, ena mpaka kudula mizere iwiri pansi pa yankho. Koma yankho lake ndi labodza. Mukadula chinthucho ngati mukudula buledi, kachidutswa kalikonse si disiki yodzadza, ndi washa, kozungulira kokhala ndi bowo pakati ngati kaja timaika pa bawuti ya njinga. Rediyasi yakunja ndi R = x, ya bowolo ndi r = x². Eriya ya washa ndi bwalo lalikulu kuchotsapo bwalo la bowo, πR² − πr². Mumasikweya iliyonse payokha kenako nkuchotsera:

π∫(x² − x⁴) dx = π(1/3 − 1/5) = 2π/15

2π/15 ndi pafupifupi 0.419, π/30 ndi pafupifupi 0.105. Yolondolayo ndi yaikulu kanayi. Izi sizoti mwaphonya pang'ono tikukomereni mtima, fomyula ikalakwika pa mzere woyamba mamakisi onse a m'munsimo amapita nawo, ndipo ine chimandipweteka nchoti munthu wataya mphindi khumi kutambasula bulaketi yomwe sinafunike nkomwe, njira yolondola ndi yaifupinso.

Taganizani zomwe π(R − r)² ikunena. Ikuti tengani kunenepa kwa khoma la washayo, mupange nako kabwalo kakang'ono kapadera. Kabwalo kameneko pa chinthu chathu palibepo. Khoma la washa limayenda ulendo wonse wozungulira bowo, ndiye likakhala patali ndi akisisi ulendowo umatalika ndipo limadya malo ambiri, ngakhale kunenepa kwake kutakhala komweko.

Zimenezi zandikumbutsa bambo wina wa kwathu, mlimi wa tomato ndi anyezi kudimba, amene ankafuna kumanga chitsime chake ndi konkire chifukwa dothi linkagumukira mkati dzinja lililonse. Chitsime chakuya mamita 6, mkati mwake rediyasi 0.5, khoma lonenepa masentimita 10, ndiye kunja rediyasi 0.6. Anauza mphwake wa ku koleji kuti awerengere. Mnyamata anachita zomwezi, 0.6 − 0.5 = 0.1, kusikweya, kuchulukitsa ndi π ndi 6, anapeza 0.19 kiyubiki mita nkuwauza kuti malume matumba awiri a simenti akwana mpaka kutsalako. Bamboyo anakweza matumba awiri pa njinga akusangalala kuti zatchipa. Mmisiri atafika sanafunse za pai, anatenga chingwe nkuzunguliza pomwe padzadutse pakati pa khoma, kuyeza, mamita atatu ndi theka kupelewera pang'ono. Akuti "achimwene, khomali mukaliwongola ndi chipupa chotalika mamita atatu ndi theka, msinkhu mamita sikisi, matumba awiri mumangira chani, chitseko cha khola?" Samu yolondola ndi π(0.36 − 0.25) × 6 = 2.07 kiyubiki mita, kuposa ya mnyamata uja ka 11. Konkire ya 1:2:4 imadya matumba ngati 6 pa kiyubiki mita, ndiye pankafunika 12 kapena 13. Ndalama ya feteleza inathera ku simenti, mphwake uja mpaka lero akafika kudimba amamufunsa ngati wabwera ndi kakyuleta.

Ka 11 kameneko sikangozi. R² − r² ndi (R − r)(R + r), pomwe yolakwika ija ndi (R − r)(R − r), ndiye mukuphonya ndi (R + r)/(R − r), pa chitsimepo 1.1 kugawa ndi 0.1. Khoma likamapyapyala bodza limakula. Malo okha omwe chizolowezichi chimapulumuka ndi pomwe r = 0, kulibe bowo, disiki wamba, ndipo ndikuona kuti nchifukwa chake chimakakamira, mafunso oyambirira onse m'kalasi amakhala a disiki, munthu amakhoza nkumaganiza kuti njira yake ili bwino. Zoloweza mafomyula osajambula girafu zija ndatopa nazo kunena, mapepala ambiri olakwa analibe ngakhale kachithunzi.

Ndipo pali njira yodzigwira wekha. Sunthani akisisi, zungulitsani katsamba komweko pa y = −1. Tsopano R = x + 1 ndipo r = x² + 1, yankho lolondola likukwera kufika 7π/15 chifukwa katsambako kakuyenda bwalo lalikulu. Koma wosikweya mpata uja ma 1 aja amadyana, amapezanso π/30 yomweyo. Fomyula yomwe sikusintha ngakhale akisisi mutaipititsa ku Nsanje ndiye kuti sikuyeza voliyumu.

Mmisiri uja osadziwa ankagwiritsa ntchito njira ya mashelo, kuzungulira kuchulukitsa msinkhu kuchulukitsa kunenepa, 2π × 0.55 × 6 × 0.1, ikupereka 2.07 yomweyo. Ndiye ngati nthawi ilipo m'mayeso yesani yankho lanu ndi njira imeneyi. Pa funso lathu loyamba mashelo ake ndi ogona, rediyasi ndi y, kutalika kwake ndi √y − y:

2π∫y(√y − y) dy = 2π(2/5 − 1/3) = 2π/15

Zafanana. Onani kuti pa mashelo kuchotsera mwachindunji ndi kololedwa, chifukwa pamenepo mukuyeza kutalika osati bwalo, palibe chosikweya.

Chochita mwachidule poti mapepala ena akundidikira: jambulani girafu ndi akisisi yozungulirapo, dulani kamzere kamodzi kopingasa akisisiyo, ngati kamzereko sikakukhudza akisisi dziwani kuti pali bowo. Lembani R = pa mzere wake ndi r = pa mzere wakenso musanalembe chizindikiro cha intigireshoni, zonse muziyeza kuchokera pa akisisi osati pa khevu inzake. Kenako pa funso lathu loyamba lija ikani x = 1/2 muone, R² − r² ikupereka 0.1875, mukapeza 0.0625 bwererani. Amene simunatenge pepala lanu mubwere Lachinayi masana.