Momwe mungapezere ngodya imene chipika chimayambira kutsetsereka pathabwa lokhakhala

Ophunzira a Fizikisi m'masekondale a kuno ku Mulanje angathe kuchita ntchitoyi popanda labotale. Pakufunika thabwa lowongoka lotalika kupitirira mita imodzi, kachipika ka mtengo kafulati, tepi yoyezera, njerwa ziwiri ndi kalikyuleta yokhala ndi batani la sin.

Yambani ndi kupukuta thabwa ndi kachipikako, ndipo muonetsetse kuti zonse ndi zouma. Thabwa limene lagona pakhonde tsiku la chiperoni limamwa chinyontho, ndipo limagwira chipika mosiyana ndi thabwa louma, choncho zotsatira zake sizingafanane. Ligonekeni pasimenti yosalala, mbali imodzi itsamire khoma kuti isathawe mukamakweza inayo. Kuchokera pamene thabwa lagunda pansi, yezani masentimita 100 motsatira thabwalo, ndipo mulembe chizindikiro m'mphepete mwake chakunsi.

Ikani chipika pamwamba pa thabwa, chigone ndi mbali yake yaikulu. Musakweze thabwa ndi manja, chifukwa dzanja limanjenjemera ndipo kugwedezako kumamasula chipika nthawi isanakwane. Njira yabwino ndiyo kulowetsa njerwa zosanjikiza pansi pa thabwa ndi kumazikankha pang'onopang'ono kulowera kukhoma, mnzanu akuyang'anitsitsa chipikacho. Chikangoyamba kuyenda, imani pomwepo, kenako yezani kutalika kuchokera pasimenti kufika pachizindikiro chija, tepi itaima chilili. Ine ndimakonda njira imeneyi kuposa kuwerenga ngodya pa pulotalakita yaing'ono ya m'bokosi la masamu, popeza kulakwitsa ndi sentimita imodzi pano kumasintha yankho ndi digiri yosakwana imodzi.

Bwerezani katatu kapena kuposerapo, chipika chikuyambira pamalo omwewo. Tiyerekeze kuti mwapeza masentimita 41, 43 ndi 42. Avereji yake ndi 42, ndipo mukagawa ndi 100 mupeza 0.42, yomwe ndi sin ya ngodya tikufunayo. Pakalikyuleta dinani SHIFT kenako sin, mulembe 0.42, ndipo yankho likhala pafupifupi madigiri 24.8. Ngati kalikyuleta yakupatsani 0.43, dziwani kuti ili pa RAD, ndipo muibwezere pa DEG.

Ngodya imeneyi imatiuza zambiri za mmene zinthu ziwirizo zikugwiranirana. Kulemera kwa chipika, kumene timalemba mg, kumagawika pawiri malinga ndi ngodya ya thabwa θ: gawo lina, mg sin θ, limachikokera kumunsi motsatira thabwa, pamene lina, mg cos θ, limachikanikizira pathabwapo. Mphamvu ya kukhulana imene imachiletsa kuyenda imakula molingana ndi chikokacho, koma ili ndi malire, omwe ndi μ, nambala yosonyeza mmene zinthu ziwirizo zimagwiranirana, kuchulukitsa ndi mphamvu yokanikizayo. Thabwa likamakwera, chikoka chimakula pamene kukanikiza kukuchepa, mpaka pa ngodya imene chikoka chimafanana ndi malirewo:

```
mg sin θ = μ mg cos θ
μ = tan θ
```

Pachitsanzo chathu, tan ya madigiri 24.8 ndi pafupifupi 0.46. Onani kuti mg yafafanizika mbali zonse ziwiri, kutanthauza kuti kulemera kwa chipika sikusintha ngodyayo. Ambiri savomereza zimenezi mpaka ataona okha, ndiye mangirirani kachitsulo kafulati pamwamba pa chipikacho ndi kuyesanso. Kutalika kumene mupeze kukhala pafupi ndi masentimita 42 omwe aja, malinga ngati mbali yogunda thabwa ndi yomweyo.

Cholakwika chimene chimasokoneza kwambiri ndi chipika chimene chimagubuduka m'malo motsetsereka. Chipika chimagwa pamene tan ya ngodya yaposa m'lifupi mwake motsatira thabwa kugawa ndi msinkhu wake. Mukaimika chipika cha masentimita 5 m'lifupi ndi 15 mumsinkhu, malirewo ndi 0.33, choncho chigubuduka pa madigiri pafupifupi 18, thabwa lisanafike pa 24.8. Nambala imeneyo ikunena za maonekedwe a chipika, ndipo musailembe ngati ngodya yotsetserekera.

Mudzaonanso kuti chipika chikangomasuka chimathamanga mowonjezera liwiro ngakhale thabwa simukulikwezanso. Chifukwa chake n'chakuti kukhulana kwa chinthu choyenda kumakhala kocheperapo poyerekeza ndi kwa chinthu choima. Wina akagogoda thabwa, chipika chingathe kuyenda pa ngodya yotsika, ndipo muyeso umenewo uyenera kutayidwa. Ngati miyeso yanu ikusiyana ndi masentimita oposa atatu kapena anayi, fufuzani ngati thabwa likupindika pakati, kapena ngati chipika chikukhala pamfundo ya mtengo kapena pautomoni wa paini, ndipo musankhe malo ena pathabwapo n'kuyambanso kuyeza.