Momwe mungathanirane ndi mulu wa maimelo pa Gmail osagwira mausi

Ngati ntchito yanu ndi yoyankha makasitomala, mmawa mupeza maimelo 200 akudikira, ambiri akufunsa zomwezomwezo, kodi ndalama yanga yafika, lisiti langa lili kuti. Chimene chimadya nthawi si kulemba ayi, ndi dzanja lomangochoka pa kiyibodi kupita pa mausi nkubwereranso. Kutsegula, kudina Reply, kudina Send, kudina Archive, ndi kudina kanayi pa imelo imodzi, pa 200 ndiye ka 800 kale. Tiyeni tichotse zimenezi.

Yambani ndi kuyatsa, chifukwa mabatani achidulewa sabwera ali oyatsa. Dinani kagiya kumwamba kumanja, See all settings, pa General musankhe Keyboard shortcuts on. Pompo musankhenso Show "Send & Archive" button in reply, ndipo pa Undo Send muike masekondi 30 m'malo mwa 5, mudzandithokoza. Tsikani pansi mudine Save Changes, apa ndi pamene ambiri amaiwala kenako nkumati sizikugwira. Mukatero pitani pa Advanced muyatse Auto-advance ndi Templates, Save Changes kachiwiri.

Auto-advance ndiye mwini nkhani. Mukamaliza imelo imodzi sikukubwezani ku mndandanda, imakutsegulirani ina yokha. Ikayaka, pa General pamabwera pofunsa kuti ipite ku yatsopano kapena yakale. Ine ndimati sankhani newer, muyambire pansi pa imelo yakale kwambiri nkumakwera, amene wadikira nthawi yaitali athandizidwe kaye, ngati pa mzere wa kubanki basi.

Mabatani oti muloweze sabata yoyamba ndi ochepa. k amapita ku imelo yatsopano, j ku yakale, o amatsegula, r amayankha, e amachotsa mu Inbox osafufuta, u amakubwezani ku mndandanda. Ena asiyeni kaye, mukawafuna dinani ? atuluka onse.

Tsopano tione imelo yeniyeni. Kasitomala walemba kuti analipira dzulo koma lisiti sanalandire, ndipo waika nambala ya malipiro. Dinani kawiri pa nambalayo (apa pokha mausi ndi ololedwa), Ctrl+C, Alt+Tab kupita ku Excel, Ctrl+F, Ctrl+V, Enter. Mwaipeza, Esc kutseka kabokosiko, pa danga la tsiku dinani Ctrl+; kenako Enter. Tsiku lalero lilowa lokha. Alt+Tab kubwerera, r, ikani yankho, Ctrl+Enter. Imelo yapita, yachoka mu Inbox, ina yatseguka kale.

Nanga yankholo mulemba ka 200? Ayi. Templates imagwira koma kuti muifike mumadina kangapo, ndiye mayankho atatu anayi a tsiku lililonse ine ndimakonda Windows+V. Pa Windows 10 ndi 11 imasunga zinthu 25 zomwe mwakopera posachedwa, ulendo woyamba ikufunsani kuti muyatse. Koperani yankho lanu loti ndalama yafika lisiti ndi ili, Windows+V, mulikhome ndi Pin kuti lisasowe ngakhale kompyuta itazima. Zosakhoma zimafufutika mukaiyatsanso, komabe ngati kompyuta mumabwerekana ndi anzanu dinani Clear all poweruka, manambala a makasitomala amakhala ali momwemo. Mukakopera mawu kuchokera ku Excel kapena Word gwiritsani Ctrl+Shift+V, apo ayi imelo ituluka ndi zilembo zamitundumitundu ndi timabokosi tosaoneka bwino.

Zolakwika zilipo ndithu. Mukadina e nkuona "e" walembeka mu uthenga, ndiye kuti mudakali m'bokosi lolembera, dinani Esc kaye. Mukachotsa imelo yolakwika dinani z pompopompo ibwerera. Koma woopsa ndi m, ali pansi pa j ndi k penipeni, chala chikaterereka mwaika Mute, kasitomala akayankhanso uthenga wake utha kusafika mu Inbox ngati sunapite kwa inu nokha, inu muli phee iye akutentha. Chizindikiro chake ndi munthu woimba foni kuti ndalemba katatu simukuyankha. Lachisanu lililonse dinani / mulembe izi:

```
is:muted
```

Zonse zomwe zatuluka apo zoti simunafune, zisankheni ndi x muzibwezere ndi Move to Inbox. Chenjeraninso ndi a, ameneyo ndi Reply all, ngati imelo ili ndi anthu khumi onsewo aona yankho lanu, ndipo masekondi 30 aja ndi okhawo oti mudine Undo isanapite.