Kuchotsa akaunti ya Facebook ya mwana wa zaka 11

"Mwana wanga wa zaka 11 anatsegula Facebook ponama zaka. Ndiichotse bwanji?"

Mayi, Facebook salola ana osakwana zaka 13. Njira yachangu ndi kukhala naye pansi, alowe yekha mu akauntiyo. Yambani mwasunga zithunzi zake, kenako mu Accounts Centre pitani pa Deactivation or deletion. Sankhani Delete account, chifukwa Deactivate imangoibisa. Asalowemonso kwa masiku 30, apo ayi angathe kuibwezeretsa.

Ngati wakana, lembani fomu yonenera mwana wosakwana zaka mu Help Centre, muikepo linki ya akauntiyo ndi zaka zake zenizeni. Mukafuna kuona zimene analembamo, a Facebook adzafuna umboni wotsimikizidwa mwalamulo woti ndinu kholo kapena womulera.

Masewera amene ankalowera ndi Facebook muyambe mwatseka amenewo, chifukwa akaunti zake sizifufutika limodzi.