Kuzindikira kuti anthu atopa ndi malonda anu

"Malonda anga pa Facebook ankayenda bwino, tsopano afooka. Ndidziwa bwanji ngati anthu angotopa nawo?"

Tsegulani Ads Manager, tsamba la Facebook loyang'anira malonda olipira, muwonetse mizati ya Reach, Impressions, Frequency ndi CTR. Reach ndi chiwerengero cha anthu amene aona malondawo, Impressions ndi maulendo onse amene malondawo aonetsedwa, ndipo CTR imasonyeza kuti pa maulendo 100 aliwonse amene aonetsedwa, adinidwa kangati. Sankhani masiku 7 okha, mulembe manambalawo, kenako muchite chimodzimodzi sabata iliyonse kwa masabata osachepera 4. Musatenge nyengo yonse pamodzi, chifukwa Frequency imakwera yokha masiku akamachuluka, ndipo mungadandaule pachabe.

Frequency ndi `Impressions ÷ Reach`, kutanthauza kuti pa avareji munthu mmodzi waona malondawo kangati. Tiyerekeze kuti sabata yoyamba inali 1.5 ndipo CTR inali 2%. Pofika sabata yachinayi Frequency yafika 3.5, CTR yatsikira pa 0.9%, koma Reach sinakule. Apa anthu omwewo akuona chithunzi chomwecho mobwerezabwereza ndipo asiya kudina. Uku ndiye kutopa.

Chofunika kwambiri n'chakuti kukwera kwa Frequency ndi kutsika kwa CTR kuyendere limodzi. CTR ikatsika koma Frequency ili pomwepo, yang'anani kwina: mwina munasintha gulu la anthu amene mumawaonetsa malondawo kapena malo amene malondawo amaonekera. Ndipo sabata imodzi yoipa siyokwanira, dikirani masabata awiri otsatizana.

Mukatsimikiza, ikani chithunzi ndi mawu atsopano kwa gulu lomwelo, bajeti musaikhudze. CTR ikabwerera m'mwamba, vuto linali chithunzi chakale. Ikapanda kukwera, mwina gulu lachepa, likulitseni.