Musanagule njinga yonyamulira katundu, yambani mwacheza ndi wokonza njinga

Alimi anzanga a ku Mitundu, Nsundwe ndi madera ena ozungulira Lilongwe, ndaona kuti ambiri mukagulitsa fodya kapena soya mumathamangira m'tauni kukasankha njinga poona kuwala kwa penti ndi dzina lomwe lamatidwa pa felemu. Langizo langa ndi loti ulendo wogula njinga uyambire pansi pa mtengo pomwe pamakhala wokonza njinga wa kwanuko. Iyeyo ndiye amadziwa njinga zomwe zimabwera kwa iye zitathyoka, komanso malo omwe zimathyokera.

Tiyerekeze kuti mukufuna kumanyamula matumba awiri a chimanga kupita nawo pamsika wa Mitundu. Thumba lililonse ndi makilogalamu 50, ndiye kuti pakaliyala pali 100. Inunso mukakwera, mwina ndinu wa makilogalamu 60, ndipo kulemera kwanu kwambiri kumatsamiranso kumbuyo. Choncho gudumu lakumbuyo ndilo limalira. Njinga zambiri zimayamba kufa ndi masipoko akumbuyo, kenaka limu n'kupindika, ekiselo n'kukhota, felemu isanachite kalikonse. Finyani masipoko awiriawiri ndi dzanja, onse akhale okungika mofanana. Sipoko imodzi ikaduka zinzake zimasenza katundu wake, ndipo mukachedwa kuikamo ina zimatsatira.

Felemu ikhale yachitsulo, chifukwa ikang'aluka wowotcherera wa pamsika amatha kuilumikiza. Njinga zopepuka zamagiya zomwe zimabwera pakaunjika n'zabwino popitira kuntchito, koma zambiri ndi za aluminiyamu, ndipo makina owotcherera omwe tili nawo m'misika yathu sagwira zimenezo.

Ngati mukugula yogwirapo kale ntchito, gwadani muyang'ane kunsi kwa mpope wotsika kuchokera kukhosi kupita ku mapedulo, pafupi ndi khosi penipenipo. Penti ikakhala yokwinyika pamenepo, kapena pali kamzere ka dzimbiri kozungulira, njingayo inagundapo chinthu ndipo mpopewo unapindika. Penti yatsopano yopakidwa pamalo amodzi okha nayonso muikayikire. Kenaka mangani chingwe kumapeto kwa felemu komwe kumalowa ekiselo yakumbuyo, chizungulire kukhosi, chibwerere mbali inayo. Mpata wa pakati pa chingwe ndi mpope wa chishalo ukhale wofanana mbali zonse ziwiri. Ukasiyana, felemuyo ndi yopotoka, ndipo mukaisenzetsa katundu izikukokerani mbali imodzi n'kumadya tayala. Imeneyo isiyeni ngakhale mwiniwake atsitse mtengo.

Za mayina ndinenapo pang'ono. Hero ndi Avon ndi za ku India, Phoenix ndi ya ku China, ndipo njinga zakalekale zamtunduwu zili ndi magudumu a mainchesi 28 omwe matayala, machubu, tcheni ndi makotapini ake amapezeka pafupifupi pamsika uliwonse. Koma chizindikiro n'chongomata, aliyense atha kumata. Funsani akabaza ndi ogulitsa makala kuti njinga yakutiyakuti, yogulidwa chaka chino, ikuwachitira bwanji, osati yomwe anali nayo agogo awo.

Palinso Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief, yomwe kaliyala wake anapangidwa kuti azinyamula makilogalamu 100. Matumba athu awiri aja ndiye malire ake, lachitatu ayi. Mtundu wake wodziwika uli ndi buleki ya m'habu, yogwira mukapondera mapedulo chammbuyo. Buleki yotere simavutika ndi matope monga zimachitira zamphira zogwira pa limu, koma zam'kati mwa habu imeneyi n'zosiyana ndi za njinga wamba. Apa ndiye pofunsa wokonza uja: “Bambo, habu iyi mumaitsegula? Nanga zam'kati mwake zikatha mumazipeza kuti?” Akati mpaka m'tauni, werengerani ndalama ya minibasi ndi masiku omwe njinga idzakhale itatsamira khoma, tomato akuola kudimba. Ngati sitolo ya Buffalo ili pafupi, kapena mumapita m'tauni kawirikawiri, palibe vuto.

Chinanso ndi kaliyala wowotcherera. Ambiri mumachotsa wa kufakitale n'kuika wa zitsulo zomangira nyumba, ndipo n'zomveka poti woyambayo sachedwa kupindika. Koma dziwani kuti kaliyalayo akalimba kuposa njinga, chomwe chimagonja ndi ekiselo ndi malo omwe imamangidwa. Muuzeni wowotcherera kuti miyendo ya kaliyala iimirire pafupi ndi ekiselo, kutsogolo agwire pabauti ya chishalo, ndipo asamutalikitse kwambiri kumbuyo. Katundu akapitirira kumbuyo kwa gudumu, kutsogolo kumapepuka ndipo njinga imadzuka pachitunda.

Tsiku logula, ngati n'kotheka pitani naye wokonzayo. Njinga yatsopano ikayenda ndi katundu sabata ziwiri masipoko amakhwepa, ndiye mubwererenso nayo kwa iye akakunge gudumu lakumbuyo ndi kumangitsa manati a ekiselo.