Momwe mungalembere imelo yofunsa khonsolo za laisensi ya bizinesi yomwe mukudikira

Munapita kuboma ku Dedza, munalemba fomu, munalipira, lisiti muli nayo, koma laisensi yatsopano sikutuluka. Kwa munthu wa golosale ku Mayani kapena wa lesitilanti pa Linthipe, kupita kukafunsa ndiye kuti tsiku limenelo malonda aima, thiransipoti yapita, ndipo mwina mukapeza woyenera kukuyankhani ali kumsonkhano. Imelo imathandiza pamenepa, komanso imasiya umboni wolembedwa wokhala ndi tsiku ndi nthawi, zomwe kuimba foni sikuchita. Koma imathandiza pokhapokha wowerengayo akatha kupeza fayilo yanu popanda kukufunsaninso china chilichonse. Maimelo ambiri omwe sayankhidwa amangonena kuti "ndikufunsa za laisensi yanga", basi, pomwe ofesiyo ili ndi mafayilo a anthu a boma lonse.

Yambani ndi mapepala, osati foni

Musanalembe, yalani patebulo zinthu ziwiri: laisensi yakale ndi lisiti ya ndalama yomwe munalipira. Pa laisensi yakale tengani nambala yake, tsiku lomwe inathera mphamvu, ndi dzina la bizinesi monga momwe linalembedwera pamenepo. Dzinali lisamaleni kwambiri. Anthu ambiri amadziwika pamsika ndi dzina lina, pachikwangwani analemba lina, pomwe mu kaundula wa khonsolo muli dzina la mwini wake kapena la amuna awo. Wa mu ofesi amafufuza ndi la mu kaundula. Pa lisiti tengani nambala yake, tsiku lomwe munalipira ndi kuchuluka kwa ndalama. Ngati munalipira kubanki, tengani silipi yakubanki, ndipo kumbukirani ngati munakaionetsa ku ofesi ya zachuma ya khonsolo kapena munangoisunga kunyumba.

Musasokoneze laisensi ndi mapepala ena. Satifiketi yolembetsera dzina la bizinesi ndi ina, nambala ya msonkho ya ku MRA ndi inanso. Mukalemba nambala ya izi m'malo mwa ya laisensi, wofufuzayo sapeza kanthu.

Kenako jambulani laisensi ndi lisiti, chilichonse pachokha. Jambulani masana panja, pepala litayalidwa bwino, ngodya zonse zinayi zikuoneka. Inki ya malisiti imafufuma, choncho kulitsani chithunzicho pafoni muone ngati nambala ndi chidindo zikuwerengeka. Chiphaso chaunzika musatumize ngati sanakupempheni.

Adiresi ndi wolandira

Adiresi ya imelo musaitenge m'magulu a pafoni kapena kwa munthu wongonena kuti amadziwana ndi a kukhonsolo. Yang'anani pamwamba pa kalata iliyonse yomwe khonsolo inakulemberani, pa bolodi la zidziwitso ku ofesi, kapena funsani wotolera ziphaso wa pamsika wanu kuti akufunsireni. Maadiresi ambiri a boma amathera ndi `.gov.mw`, ngakhale ogwira ntchito ena amagwiritsa ntchito adiresi yawoyawo. Ngati mwapatsidwa ziwiri, ya ofesi ilembeni pa `To`, ya munthuyo pa `Cc`. Chifukwa chake n'chakuti ogwira ntchito m'boma amasamutsidwa, ndipo kalata yomwe inapita kwa munthu yekha imapita naye.

Makalata a kukhonsolo ya boma amalembedwa kwa Bwanamkubwa, yemwe tonse timangoti a DC, kenako mumatchula ofesi yomwe nkhaniyo ikuikhudza, monga yoona za malonda. Musalembe maofesi asanu nthawi imodzi poganiza kuti mmodzi ayankha. Aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye ayankhe.

Kalatayo

Tiyerekeze mayi wina ali ndi lesitilanti pa Linthipe. Laisensi yake inatha pa 31 Malichi, anapereka fomu ndi kulipira pa 8 Epulo, ndipo pofika pa 6 Meyi sanamve kanthu. Nyengo imeneyi maofesi a zachuma amakhala otanganidwa, pakuti kuyambira mu 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi.

Mu bokosi la `Subject` asalembe "Moni" kapena "Thandizo". Alembe chonchi: Kufunsa za laisensi ya bizinesi, kenako dzina la lesitilanti, Linthipe, ndi nambala ya lisiti. Munthu yemwe ali ndi makalata ambiri amasankha choti atsegule poona mzere umenewu, ndipo akadzafuna kalatayo patapita mwezi adzaipeza pongolemba nambalayo.

Thupi la kalata likhale lotere, m'malo mwa madontho muike zanu:

> Kwa Bwanamkubwa, Khonsolo ya Dedza
> Kudzera ku ofesi yoona za malaisensi a bizinesi
>
> Wolemekezeka,
>
> Ine ndine ..., mwini wa lesitilanti yotchedwa ... yomwe ili pa Linthipe. Pa 8 Epulo ndinapereka fomu yopempha laisensi yatsopano m'malo mwa yakale, nambala ..., yomwe inatha pa 31 Malichi. Tsiku lomwelo ndinalipira K... ndipo nambala ya lisiti ndi ... Zithunzi za laisensi yakale ndi lisiti ndaziphatikiza pakalata ino.
>
> Mpaka lero, pa 6 Meyi, laisensiyo sindinalandire. Ndikupempha kuti mundidziwitse zinthu zitatu: pomwe pempho langa lafika, ngati pali pepala kapena malipiro omwe akusowa kuchokera kwa ine, komanso tsiku lomwe ndingabwere kudzatenga. A zaumoyo sanabwere kudzayendera malowa chaka chino. Ngati n'zomwe zikudikiridwa, ndimapezeka pamalopo tsiku lililonse.
>
> Mungandiyankhe pa imelo yomweyi kapena pa foni ...
>
> Ine wanu,
> ...

Onani mafunso atatuwo. Mukafunsa kuti "laisensi yanga ili pati?", yankho lake n'losavuta ndipo silikuthandizani: ikukonzedwa, dikirani. Koma mukafunsa ngati pali chosowa kuchokera kwa inu, woyankhayo akuyenera kutsegula fayilo kuti aone. Funso limenelo ndiye mtima wa kalata yonse, chifukwa kawirikawiri fayilo imaima pa kanthu kakang'ono komwe mwini wake sanauzidwe. Mzere wa a zaumoyo uja ndi wa ogulitsa zakudya, monga lesitilanti, butchala kapena bekale, omwe malo awo amayenderedwa. Wa sitolo ya zovala kapena zitsulo auchotse.

Madandaulo asiyeni kunja kwa kalata yoyamba. Ndikudziwa kuti kudikira kumawawa, makamaka ukamaona otolera ziphaso akudutsa pakhomo iwe ulibe chopachika pakhoma. Komabe woyamba kuwerenga kalatayo nthawi zambiri si amene wachedwetsa, ndipo ndi yemweyo mukufuna kuti adzuke pampando akakufunireni fayilo.

Pa za chilankhulo, ntchito zambiri za m'maofesi a boma zimalembedwa m'Chingerezi, koma kalata ya Chichewa yomveka bwino, yokhala ndi manambala olondola, imaposa ya Chingerezi yosokonekera. Ngati mwana wanu kapena wa pamalo otayipira makalata akukulemberani, muuzeni atumize kuchokera pa adiresi yomwe inu mungathe kutsegula, chifukwa yankho lidzabwera komweko.

Mukatumiza

Tumizani m'mawa tsiku lantchito, Lachiwiri kapena Lachitatu, osati Lachisanu madzulo pomwe kalata ingakwiriridwe ndi zina pofika Lolemba. Mukatumiza tsegulani `Sent` muone ngati yapitadi pamodzi ndi zithunzi zake. Komwe netiweki ndi yofooka kalata imatha kukhala mu `Outbox` tsiku lonse inu mukuganiza kuti inapita. Mukalandira uthenga wochokera kwa `Mail Delivery Subsystem` wonena kuti `Address not found`, ndiye kuti adiresi ndi yolakwika ndipo palibe amene waona kalata yanu. Onani chilembo chilichonse, makamaka madontho. Podikira yankho muziyang'ananso mu `Spam`.

Yankho likabwera, liwerengeni kuti mudziwe pomwe fayilo yaima. Akanena kuti malipiro sakuoneka, nkhani ili ku ofesi ya zachuma, ndipo ngati munalipira kubanki, mwina silipi ija sinafike kuti akudulireni lisiti ya khonsolo. Apa mukuyenera kupita nayo nokha. Akanena kuti akudikira lipoti la oyendera malo, funsani ofesi yomwe ikuyenera kubwera ndipo mugwirizane tsiku. Akanena kuti ikudikira kusainidwa, kwa inu kulibenso chochita koma kufunsa tsiku. Nthawi zinanso yankho limakhala loti laisensi inatuluka kale, ikungodikira mwini wake mu kabati.

Pali yankho limodzi loti musalitsatire. Wina akakuuzani kuti mutumize ndalama pa nambala ya foni ya munthu kuti zinthu zifulumire, musatumize. Ndalama iliyonse ya boma imakhala ndi lisiti ya boma. Ngati akuti pali chindapusa chochedwera kapena mtengo unakwera, pemphani kuti akulembereni kuchuluka kwake ndi komwe mukalipire, ndipo sungani uthengawo. Nkhani za ziphuphu zimapita ku bungwe la ACB.

Akakhala chete

Ine ndimaona kuti sabata imodzi yathunthu ya masiku antchito ndi yokwanira kudikira. Ikatha, musayambe kalata yatsopano. Tsegulani yomwe munatumiza ija, dinani `Reply all` ngati munaika wina pa `Cc`, kapena `Reply`, onetsetsani kuti adiresi ya ofesi ili pa `To`, n'kulemba mizere iwiri: kuti mukukumbutsa za kalata ya pa 6 Meyi yomwe ili m'munsimu, ndipo mukupemphabe yankho. Mukatero kalata yakale imaoneka pansi pa yatsopano, koma zithunzi nthawi zambiri sizipitanso, ndiye ziphatikizeninso. Tsiku lomwelo imbani foni ku ofesiko mungofunsa ngati imelo yafika, ndipo lembani m'kope dzina la amene mwalankhula naye.

Chikumbutso chikapitanso popanda yankho, imelo yafika pomwe imathera. Sindikizani makalata onse awiri, makope awiriawiri, mupite nawo kuboma pamodzi ndi lisiti yeniyeni. Kope imodzi isiyeni ku ofesi yolandira makalata, inayo apempheni adindepo chidindo cha tsiku n'kukubwezerani. Lamulo lopereka mwayi wopeza mauthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakupatsani ufulu wopempha mauthenga omwe ofesi ya boma ikusunga, ndipo ofesi ya Ombudsman imamva madandaulo a kuchedwetsedwa kopanda chifukwa. Konseko kumakhala kosavuta mukakhala ndi umboni woti munayamba mwafunsa ku ofesi yeniyeniyo.

Podikira zonsezi, sungani pamalo a bizinesi fotokope ya laisensi yakale, ya lisiti ndi ya kalata yodindidwa ija. Mapepalawa salowa m'malo mwa laisensi, koma oyendera akafika mudzawaonetsa tsiku lomwe munalipira ndi masiku omwe munafunsa. Ngati mukufuna kudziwa ngati mukuloledwa kupitiriza malonda podikira, onjezani funsolo m'kalata yokumbutsa kuti yankho lake likhale lolembedwa.