Kukopera nkhani za pa tsamba la nyuzipepala lojambulidwa

"Ndajambula tsamba la nyuzipepala yakale yonena za usodzi kuno ku Mangochi. Polikopera, ndiyambire pati? Mitu ndi madanga zikundisokoneza."

Musanalembe kalikonse achimwene, kuzani chithunzicho muwerenge mitu. Mutu uliwonse uli ndi malire ake: madanga amene ali pansi pake ndiwo nkhani yake.

Tinene kuti mutu wa nkhani ya chambo cha m'nyanja ya Malombe wayala pamwamba pa madanga atatu. Lembani mutuwo, kenako dzina la mtolankhani, mutsike ndi danga lakumanzere. Mukakumana ndi mutu wina kapena mzere wopingasa, imani pomwepo, ngakhale dangalo likupitirira mpaka pansi. Kwerani pamwamba pa danga lachiwiri. Ambiri amasochera apa, n'kupezeka asakaniza chambo ndi nkhani ya mpira.

Nthawi zonse mukasintha danga, werengani polumikizirapo mokweza. Ngati loyamba lathera pa "nso-", lotsatira liyambe ndi "mba". Zikakana kugwirizana, mwalumpha penapake.

Chithunzi chikadula danga pakati, pitirizani pansi pake. Mawu ofotokoza chithunzicho muwalembe paokha nkhani ikatha.

Mukaona "Yapitirira pa tsamba 3", koperani momwemo, musapeke mathero. Mukatero pitani ku mutu wotsatira, kuchokera pamwamba kutsika, kumanzere kupita kumanja.